Nambala Yoyeza Luso: Chifukwa Chake Mlingo Umathamanga Wosewera Akamapambana Motsatizana

Mawu Oyamba

Madzulo ena m'chaka changa chachitatu pano pasukulu ya ukachenjede, ine ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi tinakangana chifukwa cha nambala. Ine ndinali nditasewera tchesi pa Lichess kwa chaka chathunthu, ndipo mlingo wanga unali utakhazikika cha m'ma 1600. Tsikulo ndinapambana magemu asanu motsatizana, koma mlingo unangokwera ndi mapointi 30 ndi mphambu zochepa. Mnzangayo anali atangotsegula akaunti yake masana omwewo. Naye anapambana magemu asanu motsatizana, ndipo nambala yake inalumpha ndi mapointi mazanamazana mpaka kundipitirira.

"Aise, chaka chonse chija umatani?" anandifunsa uku akuseka. "Ine tsiku limodzi lokha ndakudutsa."

Zinandiwawa chifukwa patebulo ndimamugonjetsa kawirikawiri. Ndinamuyankha kuti makinawo ndi okondera, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndilibe umboni. Choncho ndinaganiza zofufuza mmene nambalayi imawerengedwera. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndinapeza: mmene ndondomeko zophatikiza osewera zimayezera luso la munthu, ndiponso chifukwa chimene mlingo umaoneka kuti ukuthamanga munthu akamapambana motsatizana. Ndigwiritsa ntchito tchesi monga chitsanzo chachikulu chifukwa masamu ake ndi osabisa.

Vuto Limene Makina Akufuna Kuthetsa

Pabwalo la bawo palibe amene amalemba nambala, komabe aliyense amadziwa katswiri wapamalopo. Amadziwa chifukwa anaona magemu ambiri kwa zaka zambiri. Akadza mlendo n'kugonjetsa katswiriyo kamodzi, anthu amati wachita mwayi. Akamugonjetsa kasanu, amayamba kufunsana kuti munthuyu wachokera kuti.

Kompyuta imene imaphatikiza osewera pa intaneti ili ndi ntchito yofanana, koma anthu ake ndi ochuluka zedi ndipo sadziwana. Munthu akadina batani lofuna mnzake wosewera naye, makinawo ayenera kumupezera wina wofanana naye mphamvu m'kanthawi kochepa. Luso lenilenilo silioneka. Chimene makina amaona ndi zotsatira: wapambana ndani, wagonja ndani, kapena alepherana. Motero mlingo si muyeso weniweni ngati wa sikelo ya pamsika. Ndi kulosera kochokera ku zotsatira zakale, ndipo kumakonzedwanso gemu iliyonse ikatha.

Njira ya Elo

Maziko a ndondomeko zambiri zoterezi anayalidwa ndi Arpad Elo, pulofesa wa fizikisi pa Yunivesite ya Marquette ku Amereka, amene anabadwira ku Hungary. Bungwe la tchesi la ku Amereka linayamba kugwiritsa ntchito njira yake mu 1960, ndipo bungwe la tchesi la dziko lonse, FIDE, linaivomereza mu 1970.

Njirayi ili ndi masitepe awiri. Loyamba ndi kulosera. Gemu isanayambe, makina amaona kusiyana kwa milingo ya osewera awiriwo n'kupeza nambala ya pakati pa 0 ndi 1, imene ndizitcha chiyembekezo. Lachiwiri ndi kukonza. Gemu ikatha, makina amayerekeza zimene zachitika ndi zimene analosera, kenaka amasuntha mlingo molingana ndi kukula kwa kulakwitsa kwawo. Masamu ake amalembedwa motere:

```
E  = 1 / (1 + 10^((Rb - Ra) / 400))
R' = Ra + K * (S - E)
```

Apa Ra ndi mlingo wanga, Rb ndi mlingo wa amene ndikusewera naye, ndipo E ndiye chiyembekezo. S ndi zotsatira: 1 ndikapambana, 0 ndikagonja, 0.5 tikalepherana. K ndi nambala imene imanena kutalika kwa phazi, kutanthauza mapointi ochuluka kwambiri amene gemu imodzi ingandipatse kapena kundilanda.

Tiyeni titenge K wa 20, ine ndili pa 1500. Ndikakumana ndi mnzanga wa 1500, chiyembekezo ndi 0.5. Ndikapambana, makina alakwitsa ndi 0.5, ndipo 20 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi mapointi 10. Ndikakumana ndi wa 1700, chiyembekezo changa chimatsika kufika pa 0.24. Ndikamugonjetsa ndilandira mapointi pafupifupi 15, koma akandigonjetsa nditaya pafupifupi 5 okha, popeza kugonja kwangako sikunadabwitse aliyense. Kusiyana kukafika pa mapointi 400, wamphamvuyo amayembekezeka kupeza mapointi a gemu kuwirikiza kakhumi poyerekeza ndi mnzakeyo.

Mfundo yofunika kuigwira pano ndi yakuti malipiro sabwera chifukwa cha kupambana pakokha. Amabwera chifukwa cha kudabwitsa makina.

Elo Sakumbukira Dzulo

Nditamvetsa masamuwa ndinapeza chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Mu fomula ya Elo mulibe malo olembapo kuti munthu wapambana kangati motsatizana. Imangodziwa milingo iwiri ya lero ndi zotsatira za gemu ya lero. Ndinayesa kuwerengera munthu wa 1500 amene wagonjetsa anthu asanu a 1500 motsatizana, K ali 20. Gemu yoyamba imamupatsa mapointi 10, yachiwiri 9.7, yachitatu 9.4, yachinayi 9.2, yachisanu 8.9. Malipiro akucheperachepera chifukwa mlingo wake ukamakwera, makina akuyembekezera kale kuti apambana.

Pa intaneti makina samusiya munthu kuti azingosewera ndi anthu a 1500. Akakwera amamupezera ena a pamlingo wake watsopano, choncho chiyembekezo chimabwerera pafupi ndi 0.5 ndipo gemu iliyonse imabweretsa mapointi 10. Phazi silinatalike, koma silinafupikenso.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amaona ngati mlingo ukuthamanga? Chifukwa choyamba ndi chapafupi kwambiri. Cholinga cha makina ndi kupatsa aliyense magemu amene angapambane theka n'kugonja theka. Pamasiku wamba, kupambana ndi kugonja kumafafanizana. Munthu amene wapambana, wagonja, wapambana, wagonja, n'kupambananso, wasewera magemu asanu koma wakwera ndi mapointi 10 okha. Amene wapambana onse asanu wakwera ndi 50. Wachiwiriyu sanapatsidwe basera. Kungoti palibe chimene chamubweza m'mbuyo. Amene anazolowera kupondaponda pamalo amodzi, akayenda mapazi asanu amaona ngati wathamanga.

Komabe izi sizinafotokoze mapointi mazanamazana a mnzanga uja. Yankho la zimenezo lili pa K.

Chikayiko cha Makina

Ngakhale FIDE imadziwa kuti phazi limodzi silingakwanire aliyense. Wosewera watsopano amapatsidwa K wa 40 mpaka atakwanitsa magemu 30. Kenaka ambiri amatsikira pa 20, ndipo amene anafikapo pa 2400 amakhala pa 10. Maganizo ake ndi akuti munthu amene sitikumudziwa bwino tiyenera kusintha msanga zimene tikumuganizira, pamene katswiri wodziwika sangasinthe chifukwa cha gemu imodzi.

Mark Glickman, katswiri wa masamu a kawerengera wa ku Amereka, anapititsa maganizowa patsogolo pamene anakonza njira yotchedwa Glicko mu 1995. Mmalo mopatsa wosewera nambala imodzi, Glicko imamupatsa ziwiri. Yoyamba ndi mlingo. Yachiwiri imalembedwa RD, ndipo imaimira chikayiko cha makina pa mlingowo. Wosewera watsopano amayambira pa 1500 ndi RD ya 350. Kunena mwachidule, luso lake lenileni likuganiziridwa kuti lili pakati pa mlingo kuchotsapo RD kawiri ndi mlingo kuwonjezapo RD kawiri. Kwa watsopanoyu ndiye kuti pakati pa 800 ndi 2200. Apa makina akuvomera kuti sakudziwa kanthu. Wosewera wakale wa 1500 amene RD yake ndi 50 akuganiziridwa kuti ali pakati pa 1400 ndi 1600.

Ife ophunzira zinenero tinganene kuti Elo amayankhula ngati munthu wosadziwa mawu akuti "mwina", pamene Glicko amanena mlingo n'kuwonjezapo kukula kwa "mwina" wakeyo. Lichess imagwiritsa ntchito mtundu wachiwiri wa njirayi, wotchedwa Glicko-2, ndipo imaika chizindikiro cha funso pambali pa mlingo wa munthu amene RD yake idakali yaikulu. Chizindikirocho chinalipo pa nambala ya mnzanga usiku uja, koma tonse awiri sitinachilabadire.

Mu Glicko, K salembedwa ngati nambala yokhazikika. Kutalika kwa phazi kumachokera ku RD. Kuti ndione mmene zimayendera, ndinatenga fomula yoyambirira ya Glickman n'kuwerengera osewera awiri, onse oyambira pa 1500. Wina ndi watsopano, RD 350. Wina ndi wakale, RD 50. Aliyense akupambana magemu asanu motsatizana, ndipo pa gemu iliyonse makina akumupezera mdani wofanana naye mlingo amene RD yake ndi 50.

Watsopano uja pa gemu yoyamba alandira mapointi 175, ndipo RD yake itsika kufika pa 248. Pa yachiwiri alandira 117, RD n'kufika pa 203. Pa yachitatu alandira 88, pa yachinayi 70, pa yachisanu pafupifupi 58. Akamamaliza wakwera ndi mapointi oposa 500, wadutsa 2000, ndipo RD yake yatsikira pafupi ndi 143. Wakale uja pa gemu iliyonse akulandira mapointi pafupifupi 7, ndipo akamamaliza sanafike ngakhale pa 1540.

Zotsatira zawo ndi zofanana ndendende, koma wina wayenda mtunda woposa wa mnzake kakhumi ndi kanayi. Palibe kukondera apa. Kwa watsopano, magemu asanuwo ndiwo umboni wonse umene ulipo, choncho makina amautsamira ndi mphamvu zonse. Kwa wakale, magemu asanuwo akuyezedwa pamodzi ndi mazana ena a m'mbuyo amene akunena kuti munthuyu ndi wa 1500. Mboni zisanu zatsopano sizingagubuduze mboni mazana.

Tionenso kuti mapazi a watsopanoyo akufupikirafupikira: 175, 117, 88, 70, 58. Kuthamanga kwake sikukuchokera ku kupambana motsatizana. Kukuchokera ku chikayiko, ndipo gemu iliyonse ikudya chikayikocho. Akanagonja kasanu, akanatsika ndi liwiro lomweli.

Chikayiko chimakulanso munthu akasiya kusewera. Glicko imawonjezera RD pang'onopang'ono nthawi ikamapita popanda magemu, chifukwa munthu akhoza kuphunzira kapena kuiwala pamene makina sakumuona. Ndinaziona ndekha nditabwera kutchuthi cha miyezi iwiri kumudzi: magemu anga oyamba ankasuntha mlingo kwambiri kuposa kale. Mwa masamu omwe aja, RD ikakwera kuchoka pa 50 kufika pa 70, phazi limakula kuchoka pa 7 kufika pa 13. Ikafika pa 100, phazi limakhala 26. RD ikawirikiza kawiri, phazi limawirikiza pafupifupi kanayi.

Pamene Kupambana Motsatizana Kumaonjezeradi Liwiro

Kufika pano ndasonyeza njira ziwiri zimene mlingo umaoneka wothamanga popanda makina kusamala za ndondomeko ya zotsatira. Koma zilipo njira zina zimene kupambana motsatizana kumatalikitsadi phazi.

Yoyamba ili mu Glicko-2 yomweyo. Glickman anawonjezera nambala yachitatu yoyeza kusakhazikika kwa wosewera, imene kawirikawiri imayambira pa 0.06. Njirayi inakonzedwa kuti magemu azisonkhanitsidwa m'nyengo, ndipo pakutha pa nyengo makina afunse funso ili: kodi zotsatira zonse pamodzi zapatuka pa zimene ndinalosera koposa mmene mwayi ndi chikayiko changa zingafotokozere? Munthu akasewera magemu khumi ndi anzake ofanana naye mphamvu, makina amayembekezera kuti apambana asanu. Akapambana asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, palibe chodabwitsa. Koma kupambana khumi onse, ngati analidi wofanana nawo, kungachitike kamodzi pa maulendo 1,024. Zikatero makina amakweza nambala ya kusakhazikika, nambalayo imakulitsa RD, ndipo RD yaikulu imatalikitsa phazi. M'mawu ena, makina akuti mwina munthu amene ndimamudziwa uja wasintha.

Tisakokomeze mphamvu ya nambalayi. Kusakhazikika kwa 0.06 ndi kofanana ndi mapointi pafupifupi 10, ndipo kukaphatikizidwa ndi RD ya 50 kumangoikweza kufika pa 51. Nambalayi inapangidwa dala kuti izisintha mochedwa. N'chifukwa chake magemu anga asanu aja sanasinthe kanthu kooneka. Kwa wosewera wokhazikika, kupambana kasanu si nkhani yoti makina atekeseke nayo.

Njira yachiwiri ndiyo imene osewera ambiri a magemu a pakompyuta amakumana nayo. M'masewero monga League of Legends, amene kampani ya Riot Games inatulutsa mu 2009, wosewera ali ndi nambala ziwiri. Imodzi ndi yobisika, yotchedwa MMR, ndipo ndiyo imene makina amagwiritsa ntchito posankha adani. Ina ndi yooneka: gulu limene wosewera alimo pamodzi ndi mapointi otchedwa LP. Nambala yookenayi imalondola yobisika ija monga ngolo ilondola ng'ombe. Yobisika ikakhala patsogolo, wosewera amalandira mapointi ambiri akapambana ndipo amataya ochepa akagonja, mpaka ziwirizo zitakumana.

Ndipereka chitsanzo cha nambala zanga zongoyerekeza kuti tione mmene zimenezi zimaberekera liwiro. Tinene kuti nambala zonse ziwiri zayambira pa 1500. Yobisika ikukwera ndi 30 pa kupambana kulikonse. Yooneka ikukwera ndi 20, kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu a mpata umene uli pakati pa ziwirizo. Pa gemu yoyamba mpata palibe, choncho wosewera aona 20. Tsopano yobisika ili pa 1530, yooneka pa 1520, mpata ndi 10, ndipo gemu yachiwiri ibweretsa 22. Mpata ukula kufika pa 18, gemu yachitatu n'kubweretsa 24. Yachinayi ibweretsa 25, yachisanu 26. Akagonja gemu yachisanu ndi chimodzi, mpata wa 33 umuteteza, ndipo ataya 13 mmalo mwa 20.

Wosewerayu akaona 20, 22, 24, 25, 26, anena kuti akulandira mphoto ya kupambana motsatizana. Koma m'masamu athu mulibe mphoto yotero. Chimene chilipo ndi ngolo imene ikuyesa kupeza ng'ombe. Zomwezi zimachitikanso chotsitsa: amene wagonja kambiri motsatizana amapeza kuti akapambana akulandira pang'ono, akagonja akutaya zambiri, ndipo zimenezi zimapitirira ngakhale atayambanso kusewera bwino, kufikira mpata utatsekeka.

Njira yachitatu ndi basera weniweni. M'sewero la makadi la Hearthstone, la kampani ya Blizzard, munakhazikitsidwa lamulo lakuti m'magulu apansi wosewera akapambana katatu motsatizana azilandira nyenyezi yowonjezera. Basera wotere sayeza luso. Ntchito yake ndi kuchotsa msanga anthu amphamvu pakati pa ofooka, ndiponso kukopa munthu kuti asewere gemu inanso.

N'chifukwa Chiyani Opanga Masewero Amafuna Liwiroli?

Wosewera amene mlingo wake ndi wolakwika amawononga magemu a anzake. Tiyerekeze katswiri wa 2000 amene watsegula akaunti yatsopano pa 1500. Phazi likanakhala la mapointi 7, akanafunika kugonjetsa anthu oposa 70 kuti afike pamalo pake, ndipo ambiri mwa iwo akanasewera gemu yopanda chiyembekezo n'kutayanso mapointi awo. Ndi RD ya 350 wafika pafupi m'magemu asanu okha. Liwiro limene linandipsetsa mtima lija kwenikweni limateteza anthu ngati ine.

Koma phazi lalitali lili ndi mtengo wake. Kupambana kasanu motsatizana pakati pa anthu ofanana mphamvu kuli ndi mwayi umodzi pa 32. Nambalayi imaoneka yaing'ono, koma munthu akasewera magemu 100 ofanana mphamvu, mwayi woti penapake apambane kasanu motsatizana ndi pafupifupi 80 pa 100. Choncho nthawi zambiri kupambana motsatizana sikutanthauza kuti luso lasintha. Makina amene amathamangira kukweza munthu nthawi iliyonse akapambana kasanu adzakhala akuthamangitsa mwayi, kumukweza lero n'kumugwetsa mawa. Wopanga ndondomeko aliyense ayenera kusankha pakati pa ziwiri: kuchedwa kuzindikira amene wasinthadi, kapena kunyengedwa ndi amene wangochita mwayi.

Zimene Zimasokoneza Muyeso

Makina amakhulupirira kuti gemu iliyonse ikunena za luso la munthu mmodzi yemweyo. Chikhulupirirochi chikasweka, nambala imanama. Ndagonjapo magemu amene ndinali patsogolo chifukwa netiweki inaduka kapena magetsi anathima foni ilibe moto, nthawi yanga n'kutha. Kwa makina, kumeneko ndi kugonja basi. Mlingo wanga ukuyeza luso langa pamodzi ndi netiweki yanga. Chimodzimodzi, anthu awiri akamabwerekana akaunti imodzi, nambala imene imatuluka si ya aliyense wa iwo.

M'masewero a matimu vutoli limakula. Anthu asanu akapambana, zotsatira ndi chimodzi koma osewera ndi asanu. Njira ya TrueSkill, imene akatswiri a Microsoft Research anakonzera Xbox Live cha m'ma 2005, imatenga luso la timu ngati kuphatikiza kwa luso la mamembala ake, kenaka imagawa kusinthako molingana ndi chikayiko cha aliyense. Amene makina sakumudziwa bwino ndiye amasunthidwa kwambiri. Motero mlendo amene wanyamulidwa ndi anzake amphamvu akhoza kukwera msanga pa ntchito imene sanagwire.

Tikumbukirenso kuti mlingo uli ndi tanthauzo pakati pa gulu limene unapezedwamo lokha. Nambala ya 1600 pa Lichess si yofanana ndi 1600 ya FIDE, chifukwa osewera ake, poyambira pake ndi masamu ake n'zosiyana.

Mmene Mungadziwire Chimene Chikuchitika

Aliyense angathe kufufuza yekha polemba mapointi amene akulandira kapena kutaya pa magemu khumi otsatizana, pamodzi ndi milingo ya adani ake. Ngati mapaziwo ayamba aakulu n'kumachepa, ndiye kuti ndi chikayiko chimene chikutha, ndipo akauntiyo ndi yatsopano kapena yakhala nthawi osaseweredwa. Ngati mapazi ndi ofanana ndipo akusintha pokhapokha mdani akakhala wamphamvu kapena wofooka, mlingo wakhazikika, ndipo liwiro limene mukuona ndi kusowa kwa kugonja chabe. Ngati mapazi akukula pang'onopang'ono, ndipo kugonja kukulanda zochepa poyerekeza ndi zimene kupambana kukupereka, pali nambala yobisika imene ili patsogolo. Ngati malipiro alumpha mwadzidzidzi pa gemu inayake, monga yachitatu, n'kubwerera mwakale mukangogonja kamodzi, ameneyo ndi basera.

Mawu Otsiriza

Mnzanga uja sanakhalitse pamwamba. Tsiku lotsatira makina anamupatsa adani a pamlingo wake watsopanowo, ndipo popeza RD yake inali idakali yaikulu, kugonja kulikonse kunkamulanda mapointi makumi angapo. Patatha milungu itatu chizindikiro cha funso chinali chitachoka, ndipo nambala yake inakhazikika pansi pa yanga ndi mapointi pafupifupi 100. Mwa fomula ya Elo, kusiyana kotereku kumapereka chiyembekezo cha 0.64 kwa amene ali pamwamba, ndipo zimenezi sizili kutali ndi mmene magemu athu apatebulo amathera.

Iye anayamba kudandaula kuti makina amulanda mapointi ake. Ndinamuuza kuti mapointiwo sanali ake chiyambire, makina ankangomufufuza. Sanakhutire, ndipo anati atsegula akaunti ina kuti ayambirenso. Ndinamuwerengera papepala kuti akatero adzakweranso msanga, adzatsikanso msanga, ndipo pakatha magemu makumi angapo adzapezeka pomwe ali leropa. Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, kenaka anatulutsa bolodi pansi pa bedi n'kuyamba kuyala zidole.